Sikiramu kapena njira ya mathithi: zimene zimachitika zofuna za kasitomala zikasintha ntchito ili mkati

Anthu akamakangana za Sikiramu ndi njira ya mathithi, njira ziwiri zoyendetsera ntchito yopanga mapulogalamu a pakompyuta, amakonda kuwerengerana misonkhano ndi mapepala. Uyu akuti Sikiramu ndi misonkhano yokhayokha, uyo akuti mathithi ndi mapepala okhaokha. Koma pamene njira ziwirizi zasiyana kwenikweni ndi apa: ngati gulu lopanga pulogalamu ya pakompyuta silinamvetse bwino chimene kasitomala akufuna, lidzazindikira liti, ndipo likazindikira ndani ali ndi mphamvu yonena chochita? Maudindo, misonkhano ndi zolembedwa za njira iliyonse zinakonzedwa pofuna kuyankha funso limeneli, ndipo zimamveka bwino tikaziika pa ntchito imodzi.

Tiyerekeze kampani yogawa katundu m'masitolo imene ikufuna pulogalamu yoyendetsera nyumba yake yosungiramo katundu. Pulogalamuyo izilemba katundu wolowa, katundu wotuluka, kuwerenga kwa pamapeto a mwezi, komanso izitulutsa malipoti a mabwana. Gulu lopanga lili ndi anthu 7, ndipo lapatsidwa masabata 24. Pali chinthu chimodzi chimene palibe amene wachitchula poyamba: katundu wina amakhala ndi tsiku lothera mphamvu, choncho osunga katundu amatulutsa kaye makatoni amene tsiku lawo layandikira. Kwa iwo nkhaniyi ndi yodziwikiratu moti saona chifukwa choinenera. Mabwana amene anakhala pansi ndi opanga pulogalamu sagwira makatoni, ndiye sanaiganizire n'komwe.

Njira ya mathithi

Njirayi imagawa ntchito m'magawo otsatana, ndipo gawo lina siliyamba mpaka linzake litatha ndi kuvomerezedwa. Pa ntchito yathuyi, sabata 1 mpaka 4 ndi yolemba zofunika, 5 mpaka 8 yokonza pulani ya mmene pulogalamu idzamangidwire, 9 mpaka 18 yolemba khodi, 19 mpaka 22 yoyesa, ndipo 23 ndi 24 yoika pulogalamu pamalo ogwirira ntchito. Gawo lililonse lili ndi eni ake. Wofufuza zofunika amafunsa kasitomala n'kulemba chikalata, wokonza pulani amalandira chikalatacho, olemba khodi amalandira pulaniyo, oyesa amalandira khodi. Pamwamba pa onsewa pali manijala wa polojekiti, amene amagawa ntchito, kusunga kalendala ndi bajeti, ndi kukayankha kwa kasitomala.

Anthu ambiri amati njirayi inayamba ndi Winston Royce, chifukwa chithunzi cha magawo otsika ngati masitepe chili m'pepala limene iye analemba mu 1970. Chimene ambiri satchula n'chakuti Royce yemweyo anachenjeza kuti kutsata magawowo kamodzi kokha, kuchoka pamwamba kukafika pansi, n'koopsa, chifukwa kuyesa kumabwera kumapeto, pamene kukonza cholakwika kungafune kubwerera mpaka ku pulani. Iye analangiza zoyamba kupanga chinthu choyeserera, ndiponso zoti kasitomala azitengako mbali ntchito ili mkati.

Tsono wokonza pulani wathu, potsatira chikalata chimene kasitomala anasainira pa sabata 4, wakonza tebulo la mu detabesi motere:

```
katundu(id, dzina, kuchuluka)
```

Mtundu uliwonse wa katundu uli ndi mzere umodzi ndi nambala imodzi yosonyeza kuti alipo wochuluka bwanji. Sanalakwe chilichonse, wachita ndendende zimene zinalembedwa. Kwa masabata 10 olemba khodi akumanga zonse pamwamba pa tebulo limeneli: sikirini yolandirira katundu, yotulutsira, yowerengera ndi malipoti. Lipoti la manijala likuonetsa kuti ntchito ikuyenda panthawi yake, ndipo sakunama, poti akuyeza ntchito poiyerekeza ndi pulani. Vuto n'lakuti pulaniyo ndi imene ili ndi dzenje.

Pa sabata 21, wosunga katundu waitanidwa kudzayesa. Akufuna kulandira makatoni 40 a katundu amene alipo kale makatoni 15, ndipo akufunsa kuti tsiku lothera mphamvu alilemba pati. Palibe polemba. Pulogalamu yangophatikiza n'kuonetsa 55, osasiyanitsa akale ndi atsopano. Kuti zikonzeke pakufunika tebulo lina:

```
gulu_la_katundu(id, katundu_id, tsiku_lotha, kuchuluka)
```

Ndipo sikirini iliyonse ndi lipoti lililonse limene linkawerenga `kuchuluka` pa tebulo loyamba lija liyenera kulembedwanso ndi kuyesedwanso.

Njira ya mathithi ili nayo njira yake yosamalira zoterezi, ndipo si yopusa. Pamalembedwa pempho losintha, wina amawerengera kuti kusinthako kudya nthawi ndi ndalama zingati, kenako komiti kapena bwana wa kasitomala amavomereza kapena kukana. Ubwino wake ndi wakuti palibe chosintha chimene chimalowa mobisa, ndipo aliyense amadziwa amene alipire. Koma pa sabata 21 zosankha zimene zatsala n'zowawa zokhazokha: kuwonjezera nthawi ndi ndalama, kufinya masabata oyesera, kapena kulandira pulogalamu imene osunga katundu adzayenera kuithandizira ndi kope pambali. Apa m'pamene zokambirana zimasanduka mlandu. Kasitomala amati zimenezi zinali zodziwikiratu, opanga amatulutsa chikalata chosainidwa n'kufunsa kuti zalembedwa pa tsamba liti.

Sikiramu: maudindo

Sikiramu anaikonza Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, ndipo anaifotokoza pagulu mu 1995. Maganizo ena anawatenga ku nkhani imene Hirotaka Takeuchi ndi Ikujiro Nonaka analemba mu 1986 yokhudza mmene makampani ena ankapangira zinthu zatsopano ndi timagulu tokhala ndi akatswiri a mbali zonse. Kabuku ka malamulo ake kanatuluka koyamba mu 2010, ndipo zimene ndikufotokoza pano zikutsata kamene kanakonzedwanso mu 2020.

Gulu la Sikiramu nthawi zambiri silipitirira anthu 10, ndipo lili ndi maudindo atatu okha. Pa anthu athu 7 aja, mmodzi ndi mwini pulodakiti, wina ndi sikiramu masitala, ndipo 5 otsalawo ndi madivelopa. Dzina lakuti madivelopa silikutanthauza olemba khodi okha. Woyesa, wojambula masikirini ndi wodziwa detabesi onse ali m'gulu limeneli, ndipo palibe timagulu tina mkati mwake. Ntchito imene pa mathithi imadutsa m'manja mwa anthu anayi motsatana, pano anthu amaigwirira limodzi m'masiku omwewo.

Manijala wa polojekiti palibe, koma ntchito yake sinafe, inangogawidwa. Kusankha chimene chipangidwe poyamba ndi kwa mwini pulodakiti. Kusankha kuchuluka kwa ntchito imene ingatheke ndi mmene igwiridwire ndi kwa madivelopa. Sikiramu masitala sagawa ntchito ndipo si bwana wa aliyense. Iye amaonetsetsa kuti gulu likumvetsa njirayi, misonkhano ikuchitika mwaphindu, ndipo zopinga zikuchotsedwa, monga ngati gulu ladikira masiku angapo chilolezo cholowera pa seva yoyeserapo.

Pa maudindo atatuwa, umene umapha kapena kupulumutsa ntchito ndi wa mwini pulodakiti. Ayenera kukhala munthu mmodzi, osati komiti, ndipo bungwe lonse liyenera kulemekeza zimene wasankha. Ngati pa nkhani iliyonse amayankha kuti akafunse kaye kwa mabwana, ndiye kuti komiti yovomereza zosintha ija yabwereranso, koma tsopano yopanda ndondomeko yolembedwa, zimene n'zoipa kuposa poyamba. Winanso ndi uja wosatha kukana, amene chilichonse chimene dipatimenti iliyonse yapempha amachiika pamwamba. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: gulu limayamba zinthu zambiri osamaliza n'chimodzi chomwe.

Zolembedwa zitatu ndi misonkhano

M'malo mwa chikalata cha zofunika chosainidwa, Sikiramu ili ndi bakilogi ya pulodakiti. Uwu ndi mndandanda wa zonse zimene zikufunika, zoyalidwa kuchokera pa chofunika kwambiri kutsika m'munsi, ndipo uli ndi cholinga chimodzi chachikulu chimene gulu likulondola. Zapamwamba zimafotokozedwa mwatsatanetsatane, zam'munsi zimangotchulidwa, poti palibe chifukwa chotayira nthawi pa chinthu chimene mwina sichidzapangidwa. Tinene kuti bakilogi yathu ili ndi zinthu 60 zofanana kukula.

Nthawi imadulidwa m'masipurinti, ndipo sipurinti siipitirira mwezi umodzi. Gulu lathu lasankha masabata 2, choncho masabata 24 aja ndi masipurinti 12. Sipurinti iliyonse imayamba ndi msonkhano wokonzekera, pamene gulu limagwirizana cholinga cha sipurintiyo, madivelopa n'kusankha zinthu zimene akuona kuti atha. Cholingacho, zinthu zosankhidwazo ndi pulani yogwirira ntchito ndiye bakilogi ya sipurinti, ndipo eni ake ndi madivelopa. Tsiku lililonse madivelopa amakumana mphindi 15 kuona ngati akuyandikira cholinga ndi kusintha pulani yawo. Kumapeto kuli misonkhano iwiri imene anthu amakonda kuisokoneza: woonetsa ntchito, umene umaunika chinthu chapangidwacho pamodzi ndi ochigwiritsa ntchito, ndi wodziunika, umene gulu limaunika kagwiridwe kake ka ntchito.

Malamulo amaika malire a nthawi pa sipurinti ya mwezi wathunthu: wokonzekera usapitirire maola 8, woonetsa ntchito maola 4, wodziunika maola 3. Pa masabata 2 magulu ambiri amangodula pakati. Tikaphatikiza maola 4, 2 ndi ola limodzi ndi theka, kuwonjezerapo maola 2 ndi theka a misonkhano ya tsiku ndi tsiku, tikupeza maola 10 pa maola 80 a ntchito a munthu aliyense. Odandaula za misonkhano sakunama ayi, mtengowu ulipodi. Funso n'lakuti ukugula chiyani.

Chachitatu, kuwonjezera pa mabakilogi awiri aja, ndi inkirimenti, kutanthauza chigawo cha pulogalamu chimene chatha ndipo chikhoza kugwiritsidwa ntchito. Kuti mawu akuti chatha asamatanthauze zosiyana kwa munthu aliyense, gulu limakhala ndi muyezo wolembedwa. Gulu lathu lalemba kuti chinthu chatha ngati khodi yawerengedwa ndi mnzake, mayeso onse adutsa, ndipo chaikidwa pa seva yoyeserapo pamene wosunga katundu angachigwire. Chimene sichinafike pa muyezowu sichionetsedwa, chimabwerera ku bakilogi ya pulodakiti. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi mathithi. Kumeneko munthu akhoza kunena kuti ntchito yafika pa 60 peresenti pamene palibe chimene wina angayatse n'kugwiritsa ntchito. Pano chinthu chatha kapena sichinathe.

Tibwerere ku makatoni aja. Cholinga cha sipurinti yachiwiri n'chakuti wosunga katundu azitha kulemba katundu wolowa. Madivelopa nawonso apanga tebulo lolakwika lija, chifukwa nawonso palibe amene anawauza. Sikiramu siipatsa munthu nzeru zolosera. Koma pa msonkhano woonetsa ntchito, kumapeto kwa sabata 4, wosunga katundu wakhala pa kompyuta, wayesa kulandira makatoni 40 aja, n'kufunsa funso lomwe lija. Panthawiyi ndi sikirini imodzi yokha imene yatsamira pa tebulolo.

Mwini pulodakiti akukhala pansi ndi madivelopa ndipo apeza kuti nkhani ya masiku othera mphamvu ikuwonjezera zinthu 8 pa bakilogi: tebulo latsopano, kukonza sikirini yolandirira, lamulo lotulutsa kaye zakale, chenjezo la katundu amene watsala pang'ono kutha mphamvu, ndi zina zotero. Akuziika pamwamba. Ikamatha sipurinti yachitatu, gulu likuona kuti lamaliza zinthu 4, kenako 5, kenako 6, pafupifupi 5 pa sipurinti. Masipurinti 12 ndi zinthu 60, koma bakilogi tsopano ili ndi 68. Choncho pa sabata 6 mwini pulodakiti akudziwa kale kuti mwina apemphe masipurinti ena awiri, kapena asiye zinthu 8 zam'munsi. Akayang'ana m'munsimo akupeza malipoti apadera amene mabwana anapempha koma akhoza kuyamba awapanga okha pa sipuredishiti. Akuwasiya.

Zindikirani kuti kusinthaku sikunabwere kwaulere. Zinthu 8 zatayika. Chimene Sikiramu yachita ndi kuchititsa kuti zotayikazo zikhale zosafunika kwambiri, ndipo azisankhe ndi munthu amene ali ndi udindo wosankha, nthawi ikadalipo. Pa mathithi chokhazikika ndi mndandanda wa zofunika, ndiye zinthu zikavuta chimene chimagwedezeka ndi nthawi, ndalama kapena kuyesa. Pa Sikiramu zokhazikika ndi utali wa sipurinti ndi muyezo wa ntchito yatha, ndipo chogwedezeka ndi mndandandawo. Amene sangalole kuti mndandanda ugwedezeke sapindula kwenikweni ndi Sikiramu.

Nanga nkhaniyi ikanatulukira sipurinti ili pakati? Madivelopa ndi mwini pulodakiti akhoza kukambirananso zinthu zina m'bakilogi ya sipurinti, bola cholinga cha sipurintiyo chisasokonezeke. Cholinga chikakhala kuti chatha ntchito, sipurinti ikhoza kuthetsedwa, ndipo mphamvu imeneyi ali nayo ndi mwini pulodakiti yekha.

Njira yachitatu imene ambiri akutsata osadziwa

Pali magulu ambiri amene amati akuchita Sikiramu koma akuchita chinthu china. Zofunika zonse zinalembedwa ndi kusainidwa kumayambiriro, mtengo ndi tsiku lomaliza zinakhomedwa mu kontirakiti, kuyesa kwenikweni kukudikira kumapeto, koma gawo lolemba khodi ladulidwa m'masabata awiriawiri n'kupatsidwa dzina lakuti masipurinti. Pa ntchito yathu ija, gulu lotere likanapeza vuto la makatoni pa sabata 21 ngati mmene zinachitikira pa mathithi, kuwonjezera apo litalipiranso maola 10 a misonkhano pa sipurinti iliyonse.

Sikovuta kuzindikira gulu lotere. Masipurinti ake amakhala ndi mayina ngati sipurinti yokonza pulani kapena sipurinti yoyesa. Pa msonkhano woonetsa ntchito pamaonetsedwa masilaidi, ndipo wogwiritsa ntchito pulogalamu weniweni sapezekapo. Msonkhano wa tsiku ndi tsiku umasanduka wopereka lipoti, aliyense akuyang'ana bwana m'malo moyang'anana. Chizindikiro chodalirika kuposa zonsezi ndi bakilogi: ngati patha miyezi itatu ndipo ndondomeko ya zinthu sinasinthepo, ndiye kuti mwina gululo linalosera zonse molondola, zimene sizichitikachitika, kapena palibe chimene likuphunzira. Vuto linanso limabwera mabwana akatenga nambala ya zinthu zomalizidwa pa sipurinti n'kuisandutsa chandamale. Madivelopa amangoyamba kudula zinthu tizidutswa ting'onoting'ono kuti nambala ikwere, kapena kufewetsa muyezo wa ntchito yatha, ndipo nambalayo imasiya kuthandiza polosera. Ndipotu malamulo a Sikiramu salamula n'komwe kuwerengera nambala kotereku, ndi chizolowezi chimene magulu anangowonjezera.

Kusakaniza njira sikulakwa pakokha. Kulakwa n'kusakaniza mosaganiza kuti mbali iti ya ntchito ikufuna chiyani.

Pamene mathithi amapambana

M'nyumba yosungiramo katundu yomwe ija muli ntchito zina zimene sizigwirizana ndi masipurinti. Kampaniyo ikufunanso kugula makina owerengera mabakhodi, kuyala mawaya a netiweki ndi kukhoma zikwangwani pa mashelefu. Zofunika zake n'zodziwika, akatswiri anazichitapo kambirimbiri, ndipo kusintha maganizo mawaya atayalidwa kale n'kodula. Wogulitsa makina amafuna kudziwa chiwerengero ndi mtundu miyezi ingapo pasadakhale. Apa kukonza pulani yonse poyamba, kusainirana n'kutsata sitepe ndi sitepe ndiyo nzeru. Kusamutsa deta yakale kuiika mu pulogalamu yatsopano pa tsiku loyamba kugwiritsa ntchito kumafunanso ndondomeko yolembedwa bwino, yokhala ndi njira yobwerera m'mbuyo zikavuta.

Mathithi amathandizanso pamene kasitomala sangapezeke. Sikiramu imafuna kuti mwini pulodakiti azipezeka pafupipafupi ndipo ogwiritsa ntchito azibwera pa masabata awiri alionse. Ngati wosunga katundu uja sangaloledwe kuchoka pa ntchito yake kwa maola 2, funso lake silifunsidwa, ndipo kuli bwino kuika mphamvu pa kufufuza zofunika kumayambiriro, wofufuzayo n'kukakhala tsiku lathunthu pakati pa mashelefu akuona mmene makatoni amatulukira. Wofufuza waluso akanatha kugwira nkhani ya masiku ija pa sabata 2. Ndiponso pamene makampani angapo akupanga mbali zosiyana za chinthu chimodzi, kapena pamene malamulo amafuna umboni wolembedwa wa chofunika chilichonse ndi mayeso ake, monga pa zipangizo zachipatala ndi za ndege, zikalata zatsatanetsatane sizingapeweke, ngakhale gulu litamagwira ntchito m'masipurinti.

Sikiramu nayo ili ndi dzenje lake. Poti gulu limaganiza kwambiri za masabata awiri akubwerawa, likhoza kunyalanyaza maziko a pulogalamu. Tikanati pulogalamu ija inayamba kale kugwiritsidwa ntchito vuto la tebulo lisanadziwike, kukonza kukanafunanso kugawa makatoni onse olembedwa kale m'magulu, pamene masiku awo sanalembedwe paliponse. Wina akanayenera kuyenda shelefu ndi shelefu akuwerenga pa makatoni. N'chifukwa chake magulu odziwa ntchito amaika pamwamba pa bakilogi zinthu zimene zikukayikitsa kwambiri, osati zosavuta, kuti maziko ayesedwe msanga.

Ntchito ya kampani imeneyi ndikanaigawa pawiri. Makina, mawaya ndi tsiku losamutsa deta ndikanaziika pa kalendala yokhazikika, ndi munthu mmodzi woziyang'anira. Pulogalamuyo ndikanaipanga ndi Sikiramu, koma pokhapokha kasitomala atavomereza zinthu ziwiri kontirakiti isanasainidwe: kupereka munthu mmodzi wokhala ndi mphamvu yokana, ndi kulola kuti zinthu zam'munsi mwa bakilogi zikhoza kusinthanitsidwa ndi zatsopano zofanana kukula popanda kukambirananso mtengo. Akakana chimodzi mwa ziwirizi, ndikanasankha mathithi poyera, n'kupempha kuti pa sabata 6 papangidwe sikirini yoyeserera yolandirira katundu imene osunga katundu adzaigwire pulani isanatsekedwe pa sabata 8.